Magetsi akamathimathima pa malo owotcherera, masamu ake ndi awa

Ku Ndirande mumzinda wa Blantyre ngakhalenso ku Mchesi ndi ku Biwi mumzinda wa Lilongwe, pomwe amisiri amapanga mageti, mafelemu a zitseko ndi zitsulo zotchinga m'mawindo, dandaulo losatha ndi lakuti magetsi a pa malo awo amangothima okha ntchito ili mkati, pamene nyumba zoyandikana nazo zikuwala bwinobwino. Mlandu umapita kwa Escom kapena kwa buleka, kachipangizo kodula magetsi kamene kamakhala m'bokosi la pakhoma, kuti ndi yabodza. Nthawi zina ndi zoona. Koma kawirikawiri buleka imakhala ikugwira ntchito yomwe anaipangira, ndipo cholakwika chimakhala chakuti palibe amene anawerengera moto womwe makina onse amakoka, makamaka pa nthawi yomwe akuyamba kulira.

Magetsi a Escom a fezi imodzi, omwe amalowa m'nyumba zambiri, ndi a mavolti 230. Mavolti ndi mphamvu yokankha magetsi, pamene maampu ndi kuchuluka kwa moto womwe ukudutsa mu nthambo. Buleka imaona maampu okha. Choncho funso loyamba pa malo aliwonse owotcherera ndi lakuti makina aliwonse akukoka maampu angati ku khoma.

Nambala ya pa makina imanamiza

Pongofuna kuti masamu aoneke, nawa malo ongoyerekeza, ofanana ndi ambiri a m'mataunimu. Ali pa fezi imodzi, ndipo buleka yaikulu ndi ya maampu 63. Pali makina owotcherera awiri, ena akale olemera a thiransifoma ndi ena ang'ono a inveta. Pali kompulesa yopopera penti ya makilowati 2.2, sowo yodulira zitsulo ya mawati 2,200, gulayinda yaikulu ya mawati 2,200 ndi mababu angapo.

Mmisiri akamawotcherera ndi ndodo ya mamilimita 3.2 amatchera makina ake pa maampu pafupifupi 120. Nambala imeneyi ndi ya moto wotuluka kupita ku chitsulo, pa mavolti ochepa, si ya moto wolowa kuchokera ku khoma. Makina a thiransifoma amatsitsa mavolti 230 kufika, mwachitsanzo, pa 60, ndipo moto wolowa umatsata muyezo womwewo: 120 kuchulukitsa ndi 60, kugawa ndi 230, zikupereka maampu 31. Makina a inveta pa ndodo yomweyo sawononga kwambiri. Lawi lowotcherera pa maampu 120 limakhala ndi mavolti pafupifupi 25, kutanthauza mawati 3,000, ndipo kuphatikiza zotayika mkati mwa makinawo, inveta wamba imakoka maampu pafupifupi 22. Wofuna nambala yeniyeni ya makina ake aiwerenge pa kachikwangwani ka kumbuyo kapena kunsi kwake: pamene alemba I1max ndiye moto wochuluka kwambiri womwe makinawo angakoke ku khoma, ndipo I1eff ndi moto womwe amayesera kutentha kwa nthambo poganizira nthawi yopumula.

Enawo savuta. Sowo ndi gulayinda, chilichonse mawati 2,200 kugawa ndi 230, zimakoka maampu pafupifupi 10. Mota ya kompulesa imakoka pafupifupi 13 ikamayenda bwino, pakuti makilowati 2.2 olembedwa pa mota ndi mphamvu yomwe imatulutsa, ndipo yolowa imakhala yoposerapo. Mababu ndi zina zing'onozing'ono zingatenge maampu awiri. Zonse pamodzi ndi maampu 88, pa buleka ya 63.

Poona nambala ziwirizi wina angayembekezere kuti malowa sangagwire ntchito ngakhale mphindi imodzi. Komatu amagwira, masiku ena tsiku lonse osathima, ndipo ichi ndi chimene chimasokoneza eni ake. Chifukwa chake chili mkati mwa buleka.

Misampha iwiri mkati mwa buleka

Buleka ili ndi misampha iwiri yosiyana. Woyamba ndi kachitsulo kamene kamatenthedwa ndi moto wodutsa, n'kumapindika pang'onopang'ono mpaka kufwamphula swichi. Msampha umenewu sufulumira. Malinga ndi muyezo womwe mabuleka a m'nyumba amapangidwira, moto ukapyola nambala yake ndi 13 peresenti yokha, buleka siyenera kugwa lisanathe ola. Ukapyola ndi 45 peresenti iyenera kugwa ola lisanakwane. Pa buleka ya 63, malire amenewa ndi maampu 71 ndi 91. Ndiye kuti maampu 88 aja buleka ingawapirire kwa mphindi zingapo ndithu isanagwe.

Ndipo makina sakoka moto nthawi yonse. Mmisiri amawotcherera, n'kuima kusintha ndodo, kugogoda makoko ndi kutembenuza geti. Pa mphindi khumi zilizonse mwina lawi limayaka mphindi zinayi. Maampu owerengera kutentha kwa nthambo ndi buleka satsika molingana ndendende ndi nthawi yopumayo, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa masamu. Makina oyaka 40 peresenti ya nthawi sawerengedwa ngati 40 peresenti ya maampu ake, koma pafupifupi 63 peresenti, chifukwa kutentha kumakula molingana ndi maampu ochulukitsidwa ndi iwo okha. Lamulo lake ndi ili, pomwe X ndi gawo la nthawi yomwe makina akukoka moto:

I × √X

Motero maampu 31 a makina a thiransifoma amawerengedwa ngati 20, ndipo 22 a inveta ngati 14. Sowo yogwira ntchito kotala la nthawi imawerengedwa ngati 5, gulayinda yogwira theka la nthawi ngati 7. Kompulesa pa tsiku lopopera penti sipuma kwenikweni, choncho imatsala pa 13, mababunso pa 2. Zonse pamodzi ndi maampu 61. Malowa akukwana pa buleka ya 63, koma mothinana ngati minibasi ya m'mawa.

Tsiku lobwera oda ya mageti olemera, mmisiri amasintha n'kutenga ndodo ya mamilimita 4, kukweza makina a thiransifoma kufika pa maampu 160, ndipo chifukwa wothandizira akumukonzera zitsulo, lawi likuyaka mphindi zisanu ndi imodzi pa khumi zilizonse. Makinawo tsopano akukoka maampu 42 ku khoma, omwe pa nthawi yoteroyo amawerengedwa ngati 32. Katundu wa malo onse wachoka pa 61 kufika pa 73, kupyola malire a 71 aja. Onjezanipo kutentha kwa Okutobala pansi pa denga la malata, pakuti mabuleka amenewa amayesedwa pa madigiri 30 ndipo m'bokosi lotentha amagwa msanga. Zotsatira zake ndi buleka yomwe imagwa cha m'ma 11 koloko kapena masana, patatha nthawi ntchito ikuyenda, ndipo munthu akaikweza pompo imakana kapena kugwanso posachedwa chifukwa kachitsulo kaja sikanazizire.

Msampha wachiwiri ndi wa maginito, ndipo suyembekeza. Moto ukadumpha mwadzidzidzi kufika pa mlingo wina, buleka imagwa m'kuphethira kwa diso. Mlingo umenewu umadziwika ndi chilembo chomwe chili kutsogolo kwa nambala pa bulekayo. Ya B imagwa moto ukafika pakati pa katatu ndi kasanu kuchulukitsa nambala yake, ya C pakati pa kasanu ndi kakhumi, ya D pakati pa kakhumi ndi ka 20. Chilembo chimenechi ogula ambiri sachiyang'ana n'komwe m'sitolo.

Kufunika kwake kumaonekera pa kompulesa. Mota yamtundu umenewu ikamayamba kuzungulira imakoka moto wochuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa wa nthawi zonse, kwa sekondi imodzi kapena awiri. Maampu 13 aja amasanduka pafupifupi 78. Buleka yolembedwa B16 imafwamphuka pakati pa maampu 48 ndi 80, ndiye kuti kompulesa ikangoti iyambe, magetsi ake adzathima pafupifupi nthawi zonse, ngakhale kuti 13 ndi wochepa poyerekeza ndi 16. Ya C20 imafwamphuka pakati pa 100 ndi 200, choncho imalola kuti motayo idzuke. Zofananazo zimachitika munthu akamayatsa makina owotcherera: thiransifoma imameza moto waukulu kwa kanthawi kochepa zedi pamene chitsulo chake chikudzazidwa maginito, ndipo inveta imachita chimodzimodzi podzaza makapasita ake. N'chifukwa chake buleka ya B imatha kugwa ndodo isanakhudze n'komwe chitsulo.

Pali chinthu chachitatu chomwe chimathimitsa magetsi koma chosakhudzana ndi kuchuluka kwa katundu. Ndi swichi yoteteza anthu, yokhala ndi kabatani koyesera, yomwe imagwa moto wochepa ngati mamiliampu 30 ukathawira ku nthaka. Imeneyi ikamagwa, makamaka m'nyengo ya mvula kapena pamene chida chimodzi chokha chalumikizidwa, wolakwa ndi nthambo yosupuka, chinyezi kapena fumbi la zitsulo lomwe lalowa m'makina. Mamita ambiri ogulira mayunitsi nawonso ali ndi malire awo ndipo amadzidula okha akapyoledwa. Choncho asanasinthe kalikonse, mwini malo ayenera kulemba kwa sabata imodzi kuti chagwa ndi chiti, nthawi yanji, ndipo ndi makina ati omwe amayamba kapena kugwira ntchito pa nthawiyo.

Pamene magetsi abwerera

Nthawi yoopsa kwambiri pa malo otere ndi pomwe magetsi a Escom ayaka atathima. Pamene ankathima, gulayinda ndi sowo zinasiyidwa maswichi ali otsegula, makina owotcherera onse awiri ali chiyatsire, ndipo mpweya wa mu thanki ya kompulesa watsika kotero kuti swichi yake ikungodikira moto. Magetsi akafika zonse zimadzuka pa sekondi imodzi. Kompulesa ikufuna 78, sowo ndi gulayinda chilichonse chingafune katatu moto wake wa nthawi zonse, pafupifupi 30, ndipo zitatuzi zokha zafika pa maampu pafupifupi 140, osawerengera kumeza kwa makina owotcherera.

Maampu 140 pa okha sangafwamphule maginito a buleka yaikulu ya C63, omwe amayambira pa 315. Choipa chimabwera kudzera mu mavolti. Nthambo iliyonse imadya mavolti ena, ndipo moto ukachuluka imadyanso ambiri. Ngati nthambo zonse kuchokera ku thiransifoma ya pa msewu kufika pa makina zili ndi kukana kwa maomu 0.3, zomwe si zachilendo pa malo omwe ali kumapeto kwa laini, maampu 140 amadya mavolti 42. Pa makina pamafika 188 m'malo mwa 230. Mphamvu yopotokola ya mota imatsika mofulumira kuposa mavolti, ndipo pa 188 imatsala magawo awiri mwa atatu. Kompulesa yomwe ikanadzuka pa sekondi imodzi imayamba kung'ung'udza osazungulira bwino, ikupitiriza kukoka moto woyambira. Buleka yake ya C20, yomwe tsopano ikunyamula pafupifupi kanayi nambala yake, imagwa patatha masekondi owerengeka, ndipo ngati kompulesayo ilibe buleka yakeyake, kutentha konseko kumathera pa buleka yaikulu ndi pa nthambo za mota. Mota zambiri za kompulesa zimapsa motere, osati chifukwa cha ukalamba.

Zomwezi zimachitika pang'ono masana aliwonse, chifukwa kompulesa ndi makina okhawo pa malopo omwe amadziyatsa okha. Ikadzuka pamene amisiri awiri ali pa lawi, moto wonse umafika pa 31 kuphatikiza 22 kuphatikiza 78, maampu 131. Mababu amachita chizimezime, lawi la makina a thiransifoma limafooka, ndodo imamatirira ku chitsulo, ndipo ndodo yomatirira imakoketsa makinawo moto wochuluka kuposa pamene ikuwotcherera. Mmisiri amene ndodo yake imamata nthawi iliyonse kompulesa ikalira wauzidwa kale ndi makina ake kuti mavolti a pamalopo sakukwana.

Zimene zingakonzedwe

Mankhwala otchipa kuposa onse ndi dongosolo loyatsira. Magetsi akathima, maswichi a zida zonse azitsekedwa pompo, zomwenso zimateteza munthu ku gulayinda yodzuka yokha ili pansi. Akabwerera, ndi bwino kudikira mphindi zingapo kuti akhazikike, kenaka kuyatsa kompulesa yokha, pakuti ndiyo yofuna mavolti okwanira kuti idzuke. Ikayamba kuyenda bwino, patatha masekondi khumi kapena kuposerapo, ayatse makina a thiransifoma, kenaka inveta, zida za m'manja pomalizira. Popeza anthu amaiwala, sowo ndi kompulesa zingaikidwe masitata a mabatani awiri, obiriwira ndi ofiira, omwe amadzitseka okha magetsi akachoka ndipo sayakanso mpaka munthu atadina. Kompulesa ilinso ndi kavavu kotulutsa mpweya wotsalira pamutu pake ikaima, komwe kamamveka ndi kaphokoso kakuti "psii". Kaphokosoko kakasiya kumveka, mota ikudzuka itasenza mpweya, ndipo imakoka moto woyambira kwa nthawi yaitali.

Dongosolo la ntchito limathandizanso. Masamu aja aonetsa kuti tsiku la ndodo za mamilimita 4 katundu amafika pa 73. Kuchotsapo kompulesa, popopera penti m'mawa kwambiri kapena madzulo pamene owotcherera aweruka, kumatsitsa nambalayi kufika pa 60. Kudula zitsulo zonse za tsikulo ntchito yowotcherera isanayambe kumachotsanso 5. Utsi wa penti ndi nthethe za moto siziyenera kukhala pamodzi n'kale.

Kenaka pali mawaya. Makina aakulu aliwonse amafuna nthambo yakeyake ndi buleka yakeyake kuchokera ku bokosi, kuti vuto la amodzi lisathimitse malo onse. Mapulagi a mano atatu a m'nyumba ali ndi fyuzi ya maampu 13, ndipo makina okoka 22 kapena 31 malo ake si amenewo. Amafuna masoketi a buluu a m'mafakitale a maampu 32. Chizolowezi cholowetsa waya kapena msomali m'malo mwa fyuzi chimangosamutsa kutentha kupita pa soketi. Pa nthambo za kopa, muyezo womwe amisiri a magetsi amayambira ndi wakuti ya mamilimita 2.5 imayenda ndi buleka ya 20, ya 4 ndi ya 25 kapena 32 malinga ndi momwe yaikidwira, ya 6 ndi ya 32 kapena 40, ndipo mtunda ukatalika nthambo iyenera kukula kuti mavolti asathere m'njira. Nthambo zazitali zokoka, zopyapyala ndi zosiyidwa zili zokulungika, ndi zomwe zimadya mavolti ambiri pa malo otere.

Njira yomwe ambiri amathamangira, kuchotsa buleka ya 20 n'kuika ya 40 pa nthambo yomweyo, ndi yoipitsitsa. Buleka imateteza nthambo, ndipo ikakula kuposa nthamboyo, chogwa sichikhalanso buleka koma pulasitiki yokuta waya, yomwe imasungunuka mkati mwa paipi momwe palibe akuona. Ngakhale kusintha chilembo chokha kuli ndi malire. Buleka ya D32 imalekerera kumeza kwa thiransifoma, koma kuti igwe pompo mawaya akagundana pamafunika moto wofika maampu 640. Zimenezi zimatheka pokhapokha kukana kwa njira yonse kuli pansi pa maomu 0.36, pamene ya C32 imafuna maampu 320 ndi maomu 0.72. Pa malo a kumapeto kwa laini, buleka ya D ikhoza kuchedwa kugwa pa ngozi yeniyeni. Kukana kumeneku kumayezedwa ndi chipangizo, ndipo ndi ntchito ya mmisiri wa magetsi wokhala ndi chilolezo cha bungwe la Mera, yemwenso ayenera kuyeza ndi mita yopana moto weniweni wa makina aliwonse poyamba ndi pogwira ntchito. Ayang'anenso zomangira za pa buleka, chifukwa sikulu yokhwepa imatentha n'kugwetsa buleka katundu ali wochepa, ndipo imadziwika ndi pulasitiki yoderako kapena fungo la kupsa.

Malo omwe afika pa maampu 61 pa tsiku wamba alibe mpata wa makina achitatu, kaya dongosolo likhale labwino chotani. Kusintha makina a thiransifoma n'kugula inveta kungapulumutse maampu pafupifupi 9 pa ndodo ya 3.2, koma chotsatira chenicheni ndi kupempha Escom magetsi a mafezi atatu, a mavolti 400 pakati pa fezi ndi fezi, pomwe fezi iliyonse payokha imaperekabe 230. Kukhala nawo sikuthetsa vuto ngati makina onse alumikizidwa ku fezi imodzi, zomwe zimachitika pamene masoketi akhala akuwonjezeredwa kuchokera pa soketi yapafupi. Pa malo a m'chitsanzo chija, kagawidwe koyenera kangaike makina a thiransifoma ndi mababu pa fezi yoyamba, maampu 33. Inveta ndi gulayinda pa yachiwiri, 32. Kompulesa ndi sowo pa yachitatu, 23. Yachitatuyo yasiyidwa yopepuka mwadala kuti maampu 78 a kompulesa podzuka apeze malo, kutali ndi mafezi omwe amisiri akuwotcherera. Ndipo tsiku lomwe mota ya kompulesayo idzafunike kusintha, yolowa m'malo mwake ingakhale ya mafezi atatu, pakuti pa makilowati 2.2 omwewo imakoka maampu osakwana asanu pa fezi iliyonse, ndipo podzuka pafupifupi 30.